Musapemphe Chithunzi, Pemphani Khodi: Kujambula Matchati Osanama

Tchati chili ndi lamulo limodzi lomwe silikambidwa kawirikawiri chifukwa aliyense amalitenga ngati lodziwikiratu. Lamulolo ndi lakuti kutalika kwa chilichonse chojambulidwapo kukhale koyezedwa kuchokera pa nambala. Ngati mzati wina ukuimira anthu 200 ndipo unzake ukuimira anthu 100, woyambawo utalike kuwirikiza kawiri, osapitirira ngakhale pang'ono. William Playfair wa ku Scotland, yemwe anasindikiza tchati cha mizati mu 1786 pofuna kuonetsa malonda a dziko lake ndi mayiko ena, ankayeza mzati uliwonse ndi dzanja. Woona tchati amakhulupirira kuti wina anayeza motero, n'chifukwa chake savutikanso kuwerenga tebulo lonse.

Masiku ano zida za AI zimatha kutulutsa chithunzi cha chilichonse munthu atangofotokoza m'mawu, ndipo ambiri amazipatsa manambala awo kuti ziwajambulire tchati. Chotuluka chimaoneka bwino, mitundu yake yosiririka, koma nthawi zambiri lamulo lija limakhala litaswedwa. Mutu uno ukufotokoza chifukwa chake, ndi njira yabwinopo: kupempha chida cholemba mawu kuti chikulembereni khodi ya Python yojambulira tchaticho, inu n'kuiyendetsa nokha pa manambala anu.

Chifukwa chimene chithunzi chimanamira

Pulogalamu yopanga zithunzi inaphunzitsidwa poionetsa zithunzi zambirimbiri pamodzi ndi mawu ozifotokoza. Pakati pa zithunzizo panali matchati, motero inaphunzira maonekedwe a tchati: kuti kumanzere kumakhala mzere woimirira wokhala ndi manambala, kuti m'munsi mumakhala mayina kapena zaka, kuti mizati imakhala yosiyana msinkhu. Ikamajambula, imasankha mtundu wa kadontho kalikonse ka pachithunzi mpaka chonse chifanane ndi matchati omwe inaonapo. Palibe pamene imatenga nambala yanu, kuigawa ndi ina, n'kupeza msinkhu wa mzati. Ili ngati telala amene wangokuyang'anani ndi maso n'kuyamba kudula nsalu osatulutsa tepi. Malaya akhoza kukukwanani mwamwayi, koma iye sangakuuzeni kuti phewa lanu ndi mainchesi angati.

Zizindikiro zake zimaoneka mukayang'anitsitsa. Manambala a pamzere woimirira amadumpha mosagwirizana, mwina 0, 5, 10, 20, 25, chonsecho mipata yake ndi yofanana. Mzati wolembedwa nambala yaikulu umafupika kuposa wa nambala yaing'ono. Chaka china chimabwerezedwa kawiri, china n'kusowa. Mawu achichewa amapindika zilembo. Zida zatsopano zachepetsa zolakwa za zilembo, koma gwero la vuto likadalipo: palibe chomangiriza msinkhu wa mzati ku nambala. Choipa china n'chakuti mukapeza cholakwa n'kupempha kuti chikonzedwe, chithunzicho chimajambulidwanso, ndipo mbali zomwe zinali bwino zikhoza kusintha.

Khodi imagwira ntchito mwanjira ina. Ndi mndandanda wa malangizo ouza kompyuta kuti itsegule fayilo yakuti, itenge danga lakuti, iike kadontho pamalo ogwirizana ndi nambala iliyonse. Apa ntchito yagawidwa pawiri. Chida cha AI chikuchita chomwe chimadziwa bwino, kulemba malangizo m'chinenero cha makompyuta chomwe chinachionapo kambirimbiri. Kuyeza kwenikweni kukuchitika ndi pulogalamu yamasamu, yomwe ikapatsidwa manambala omwewo imatulutsa tchati chomwecho lero, mawa ndi chaka chamawa.

Zida zofunika

Python ndi chinenero cha makompyuta chomwe Guido van Rossum wa ku Netherlands anachitulutsa koyamba mu 1991. Nchaulere. Pojambula matchati anthu ambiri amawonjezera zida ziwiri, nazonso zaulere. Choyamba ndi matplotlib, chomwe John Hunter anachiyambitsa n'kuchitulutsa mu 2003, ndipo ntchito yake ndi kujambula. Chachiwiri ndi pandas, chomwe Wes McKinney anayamba kuchilemba mu 2008, ndipo ntchito yake ndi kuwerenga ndi kusanja matebulo. Python ikakhala kale pa kompyuta yanu, lamulo limodzi ili limalowetsa zonse ziwiri:

```
pip install pandas matplotlib
```

Zikangolowa, simufunikanso intaneti kuti mujambule. Amene alibe kompyuta yakeyake akhoza kugwiritsa ntchito Google Colab, tsamba lomwe limayendetsa Python pa makompyuta a Google ndipo zida ziwirizi zilimo kale, ngakhale kuti kumeneko bandulo imafunika nthawi yonse yomwe mukugwira ntchito.

Chitsanzo: kalembera wa anthu m'Malawi

Tiyeni titenge manambala omwe aliyense angawatsimikize. Chilandirireni ufulu wodzilamulira, dziko la Malawi lachita kalembera wa anthu kasanu ndi kamodzi, ndipo zotsatira zake zimasungidwa ndi ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba. Choyamba kuchita ndi kulemba manambalawo mu fayilo ya mtundu wa CSV. Imeneyi ndi fayilo ya mawu wamba, momwe mzere woyamba umakhala mayina a madanga, ndipo mpatuliro ndiwo umalekanitsa danga ndi linzake. Excel imatha kusunga tebulo mumtundu umenewu. Fayilo yathu tiitcha `kalembera.csv`:

```
chaka,anthu
1966,4039583
1977,5547460
1987,7988507
1998,9933868
2008,13077160
2018,17563749
```

Tsopano pakufunika pempho. Pempho labwino limanena zinthu zisanu momveka. Limanena dzina la fayilo ndi mayina enieni a madanga ake, molemba ndendende monga alili. Limanena mtundu wa tchati, pano tchati cha mzere chifukwa tikuonetsa kusintha kwa chinthu chimodzi pakupita kwa zaka. Limanena chomwe chikhale m'munsi ndi chomwe chikhale kumanzere, pamodzi ndi muyeso wake, pano mamiliyoni a anthu. Limanena mawu oti alembedwe pa tchaticho, omwe muwapereke nokha m'Chichewa chanu. Chachisanu, chomwe n'chofunika koposa, limanena kuti khodiyo iwerenge manambala kuchokera mu fayilo, osati kuwalembanso mkati mwake.

Mfundo yomalizayi ili ndi chifukwa. Chida cholemba mawu chikamakopera manambala ambiri, chikhoza kusintha limodzi, kudumpha mzere, kapena kudzaza mpata wopanda kanthu ndi nambala yongooneka yoyenera. Khodi ikamawerenga fayilo yanu, manambala sadutsa m'manja mwa chidacho, choncho palibe mpata woti chiwasinthe.

Khodi yoyankha pempho lotere imaoneka chonchi:

```python
import pandas as pd
import matplotlib.pyplot as plt

df = pd.read_csv("kalembera.csv")
fig, ax = plt.subplots(figsize=(7, 4))
ax.plot(df["chaka"], df["anthu"] / 1_000_000, marker="o")
ax.set_xticks(df["chaka"])
ax.set_ylim(bottom=0)
ax.set_xlabel("Chaka cha kalembera")
ax.set_ylabel("Anthu m'mamiliyoni")
fig.savefig("kalembera.png", dpi=300)
```

Simufunika kukhala katswiri wa Python kuti mutsatire zomwe zikuchitika. Mizere iwiri yoyamba ikuitana zida zathu zija. Mzere wa `read_csv` ukutsegula fayilo n'kusunga tebulo pansi pa dzina lakuti `df`. Wotsatira ukukonza pepala lojambulapo, la mainchesi 7 m'litali ndi 4 m'lifupi. Mzere wa `ax.plot` ndiwo mtima wa ntchito yonse: zaka zikupita m'munsi, chiwerengero cha anthu chogawidwa ndi miliyoni imodzi chikupita kumanzere, ndipo `marker="o"` akuika kadontho pa kalembera aliyense kuti woona adziwe pomwe pali nambala yeniyeni ndi pomwe mzere ukungolumikiza. Mzere wa `set_xticks` ukulamula kuti m'munsi mulembedwe zaka zenizeni za kalembera, osati 1970, 1980 ndi 1990 zomwe pulogalamu ikanasankha yokha. Wa `set_ylim` ukuyambitsa mzere woimirira pa ziro. Womaliza ukusunga chithunzi. Popeza tapempha timadontho 300 pa inchi iliyonse, chithunzicho chikhala cha timadontho 2,100 ndi 1,200, zokwanira kusindikiza m'buku osaoneka mbuu.

Kugawa ndi miliyoni kuja si kokongoletsa chabe. Mukakusiya, matplotlib imafupikitsa manambala aakulu mwa njira yake: kumanzere imalemba timanambala tosafika pa 2, ndipo pakona yapamwamba imaika kachizindikiro kakang'ono kakuti `1e7`, kutanthauza kuti muchulukitse ndi mamiliyoni khumi. Wamasamu amva, koma mayi kapena bambo wa pamsonkhano wa chitukuko cha m'dera aona ngati tchati chikunena kuti m'Malawi muli anthu osakwana awiri.

Chomwe tchati choyezedwa chimaulula

Mukayendetsa khodiyi, mzere umakwera kuchokera pa mamiliyoni 4 kufika kupitirira mamiliyoni 17 ndi theka, kuwirikiza kopitirira kanayi m'zaka 52. Koma sukwera mosalala. Pakati pa 1977 ndi 1987 anthu anawonjezeka ndi 2,441,047 m'zaka khumi. Pakati pa 1987 ndi 1998 anawonjezeka ndi 1,945,361 okha, ngakhale kuti zakazo zinali khumi ndi chimodzi. Pa tchati, mzere umaimirira kwambiri kufika mu 1987, kenako umagona pang'ono, usanayambenso kukwera mwamphamvu.

Kupindika kumeneku kuli ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1980 anthu ambiri anathawa nkhondo ya ku Mozambique n'kulowa m'Malawi, makamaka m'maboma a m'malire monga Nsanje, Dedza ndi Ntcheu, ndipo kalembera wa 1987 anapeza ena mwa iwo ali kale m'dziko muno. Mtendere utasainidwa mu 1992, ochuluka anabwerera kwawo kalembera wa 1998 asanachitike. M'zaka zomwezo matenda a Edzi anali akutenga miyoyo yambiri. Mphunzitsi wa jogalafe akhoza kuphunzitsa phunziro lathunthu pa kupindika kumodzi kokhaku.

Pulogalamu yojambula zithunzi, yomwe imangodziwa kuti matchati a chiwerengero cha anthu amakwera mokhota bwino, ikhoza kukupatsani mzere wosalala wopanda kupindikako, ndipo inu simungadziwe kuti mwataya kanthu. Kumeneku ndiko kuopsa kwake: chithunzi chokongola chimachotsa chinthu chomwecho chimene tchati chimayenera kuonetsa.

Khodi nayo imalakwa

Kupempha khodi sikutanthauza kuti zolakwa zatha. Kusiyana kwake n'kwakuti zolakwa za khodi zili ndi malo ake, zimapezeka, ndipo zikakonzedwa zimakhala zakonzedwa. Zilipo za mitundu iwiri: zofuula ndi zachinunu.

Zofuula ndi zija zomwe pulogalamu imaima n'kulemba uthenga. Mukaona `ModuleNotFoundError`, ndiye kuti chida china sichinalowetsedwe, bwererani ku lamulo la `pip` lija. Mukaona `FileNotFoundError`, fayilo yanu siili pamalo pomwe khodi ikuiyang'ana, kapena dzina lasiyana. Mukaona `KeyError`, dzina la danga mu khodi silikufanana ndi la mu fayilo, mwina inu munalemba `Anthu` ndi chilembo chachikulu, kapena munasiya kampata pambuyo pa mawuwo. Mzere womaliza wa uthengawo ndiwo umanena vuto lenileni. Zolakwa zoterezi zimakwiyitsa koma sizinamiza munthu, chifukwa tchati sichituluka n'komwe.

Zachinunu ndizo zofuna maso. Nachi chimodzi chomwe chimagwira anthu ambiri. Tonsefe tinazolowera kulemba manambala aakulu ndi mipatuliro, monga 4,039,583. Tebulo lotere likasungidwa ngati CSV, nambala iliyonse imaikidwa m'kati mwa mitengero, ndipo pandas imaiwerenga ngati mawu, osati nambala. Mu khodi yathu ili pamwambayi mwayi ulipo: poyesa kugawa mawu ndi miliyoni, pulogalamu iima n'kulemba `TypeError`. Koma khodi ikakhala yopanda kugawako, palibe chodandaula chilichonse. Matplotlib imatenga mawu aliwonse ngati dzina la gulu, monga mayina a maboma, n'kuwandandalika pa mzere woimirira ndi mipata yofanana, motsatira momwe abwerera mu fayilo. Kuchokera pa 4,039,583 kufika pa 5,547,460 pamakhala mpata wofanana ndi wochokera pa 13,077,160 kufika pa 17,563,749. Tchati chimatuluka ndi mzere pafupifupi wowongoka, manambala onse olondola atalembedwa m'mbali mwake, koma msinkhu wake uli wabodza.

Mungachizindikire bwanji? Choyamba, yang'anani manambala a kumanzere. Akakhala osanjika bwino monga 0, 5, 10, 15 kapena 2.5, 5.0, 7.5, zili bwino. Akakhala manambala anu enieni aja ndi mipatuliro yake, pali vuto. Chachiwiri, wonjezerani mzere uwu mutangotsegula fayilo:

```python
print(df.dtypes)
```

Danga la `anthu` liyenera kuonetsa `int64` kapena `float64`. Likaonetsa `object` kapena `str`, manambala anu akuwerengedwa ngati mawu. Mankhwala ake ndi kuuza pandas kuti mpatuliro wa m'kati mwa nambala ndi wolekanitsa masauzande:

```python
df = pd.read_csv("kalembera.csv", thousands=",")
```

Vuto lomweli limabwera wina akalemba "palibe" kapena kamzere m'bokosi limodzi la danga la manambala, kapena akaika K patsogolo pa mtengo wa katundu. Bokosi limodzi lokha limasandutsa danga lonse kukhala mawu. Zaka nazo zikawerengedwa ngati mawu zimaikidwa ndi mipata yofanana, motero zaka khumi ndi chimodzi zimaoneka zofanana ndi zaka khumi. Pa kalembera kusiyanako n'kochepa, koma pa tebulo lomwe lili ndi 2000, 2001, kenako 2015, tchati chimasokoneza nkhani yonse.

Pomwe mzati ukuyambira

Cholakwa china sichichokera ku kompyuta koma ku zofuna za munthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 2,289,780 m'chigawo cha kumpoto, 7,523,340 m'chigawo chapakati, ndi 7,750,629 m'chigawo cha kummwera. Poyerekeza magulu otere, tchati cha mizati ndicho choyenera, ndipo mu khodi mumasintha `ax.plot` kukhala `ax.bar`, n'kuchotsa `marker="o"`, n'kusinthanso dzina la fayilo, mayina a madanga ndi mawu a m'munsi kuti zigwirizane ndi zigawo. Matplotlib payokha imayambitsa mizati pa ziro, motero mzati wa pakati ndi wa kummwera ikhala pafupifupi yofanana, chifukwa kusiyana kwake ndi anthu 227,289, pafupifupi atatu pa 100 aliwonse.

Tsopano tiyerekeze kuti wina akufuna kuyerekeza zigawo ziwiri zokhazi, ndipo wapempha kuti kusiyanako kuoneke bwino. Njira yachidule yochitira zimenezi ndi kudula mzere woimirira kuti uyambire pa mamiliyoni 7.4. Mzati wa pakati utsala ndi msinkhu woimira anthu 123,340, wa kummwera 350,629. Woyang'ana mofulumira aona kuti kummwera kuli anthu ochuluka pafupifupi katatu kuposa pakati. Palibe nambala yomwe yasinthidwa, koma tchati chanama. Pa nkhani zokhudza zigawo, mavoti kapena kagawidwe ka chuma, bodza lotere limayambitsa mikangano.

Ubwino wa khodi pano ngwakuti chinyengocho chili poyera. Fufuzani mawu akuti `ylim`. Ngati tchati ndi cha mizati ndipo nambala yoyamba pamenepo si ziro, chotsani mzerewo. Pa tchati cha mzere lamuloli silolimba choncho, chifukwa diso limatsata kukwera ndi kutsika, osati msinkhu wa mzati. Tchati cha kutentha kwa thupi la wodwala sichingayambire pa ziro. Komabe muzidziwa pomwe chikuyambira, ndipo mukhale inu amene mwasankha.

Kuyeza tchati musanachipereke

Tchati chikatuluka, chitani zinthu zitatu zosatenga nthawi. Werengani timadontho kapena mizati: fayilo ili ndi mizere isanu ndi umodzi ya manambala, choncho timadontho tikhalenso tisanu ndi kamodzi. Tikachepa, mwina bokosi lina linali lopanda kanthu, ndipo matplotlib imangosiya mpata pamenepo osakuuzani. Kenako sankhani kadontho kamodzi, mutsate ndi chala kupita kumanzere, muone ngati kakugwera pamalo ake: ka 1998 kakhale pansi pang'ono pa 10. Pomaliza, ngati pali zigawo za chinthu chimodzi, ziphatikizeni. Manambala a zigawo zitatu aja akaphatikizidwa akupereka 17,563,749, ndendende chiwerengero cha dziko lonse, ndipo izi zikutsimikiza kuti palibe yomwe yakopedwa molakwika.

Samalaninso ndi mizere yomwe simunapemphe. Nthawi zina khodi imabwera ndi mawu onga `dropna`, `fillna` kapena `sort_values`. Oyambawo amataya mizere yokhala ndi mabokosi opanda kanthu, achiwiri amadzaza mabokosiwo ndi nambala ina, achitatu amasintha ndondomeko ya mizere. Onsewa ali ndi ntchito yabwino, koma amasintha zomwe tchati chikunena. Mvula ya mwezi womwe sunayezedwe ikadzazidwa ndi ziro, tchati chionetsa chilala chomwe sichinachitike.

Zida zina za AI zimatha kuyendetsa Python zokha n'kukuonetsani tchati chotha kale. Tchati chotero chimakhala choyezedwa, osati chongojambula, koma malangizo onsewa akugwirabe ntchito. Tsegulani khodi yomwe yagwiritsidwa ntchito, muiwerenge, muisunge. Ngati palibe khodi yoti muone, tengani chithunzicho ngati chokongoletsera chabe.

Phindu lomwe limabwera pambuyo

Khodi yosungidwa imagwiranso ntchito mawa. Kalembera wotsatira akadzachitika, mudzangowonjezera mzere umodzi mu fayilo n'kuyendetsanso khodi yomweyo. Mlembi wa kopaletivi amene amapereka lipoti la zogulitsa mwezi ndi mwezi amapempha khodi kamodzi kokha. Mukafuna kusintha mtundu, kukulitsa zilembo, kapena kutembenuza mawu kuchoka m'Chichewa kupita m'Chitumbuka, mumasintha mzere umodzi ndipo china chilichonse chimatsala momwe chinalili. Wosindikiza mabuku akafuna chithunzi chosasweka ngakhale chikulitsidwe motani, sinthani mathero a dzina la fayilo kuchoka pa `.png` kukhala `.pdf` kapena `.svg`.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Kuti mupeze khodi, simufunika kutumiza tebulo lanu lonse kwa wina aliyense. Mayina a madanga ndi mizere iwiri kapena itatu yongopeka yooneka ngati yeniyeniyo ndi zokwanira. Malikisi a ophunzira, kaundula wa odwala, ngongole za mamembala a banki m'khonde, zonsezi zikhoza kutsala pa kompyuta yanu, khodi n'kuzipeza komweko. Kumbukirani kuti mukagwiritsa ntchito Colab, fayilo imachoka m'manja mwanu kupita pa makompyuta a eni tsambalo, choncho pa zinthu zachinsinsi yendetsani Python pa kompyuta yanu.

Njira yomweyi imathandiza pa zojambula za mabokosi ndi mivi, monga zoonetsa maudindo a m'bungwe kapena njira yomwe chimanga chimadutsa kuchoka kumunda kufika kumsika. Chida chotchedwa Graphviz, chomwe chimagwiranso ntchito ndi Python, chimalandira mndandanda wonena kuti bokosi ili likuloza ku ilo, n'kusanja chokha malo a mabokosiwo. Muvi uliwonse umachokera pa mzere wolembedwa, choncho sungasochere kapena kuloza pomwe simunautume.

Malire ake ndi awa. Khodi siidziwa ngati manambala anu ndi oona. Mukalemba 5,547,460 ngati 5,457,460, tchati chijambula cholakwacho mokhulupirika. Siingakusankhireni funso loyenera, ndipo siingakuletseni kuyerekeza zinthu zosayerekezeka, monga mitengo ya zaka zosiyana osaganizira kugwa kwa kwacha. Pa manambala ochepa ndi tchati chofunika kamodzi kokha, Excel kapena pepala la timabokosi ndi rula zimakwanira bwinobwino, chifukwa nazonso zimayeza. Chopewa ndi chimodzi: tchati chomwe palibe angakuonetseni momwe msinkhu wake unapezekera.

Choncho mukakhala ndi manambala oti muonetse anthu, alembeni mu fayilo, pemphani khodi yowerenga fayiloyo, iwerengeni mzere ndi mzere, yezani kadontho kamodzi ndi chala, ndipo sungani fayilo ndi khodi pamalo amodzi. Wina akadzafunsa kuti tchatichi chachokera kuti, mudzamutsegulira zonse ziwiri.